Jentamaisini wa kamodzi patsiku kwa khanda lobanika pobadwa: lipoti la mwana amene impso zake zinafooka

Lipoti lino ndi la mwana wamwamuna wobadwa pa masabata 39, wolemera 3.2 kg, amene anatumizidwa ku wodi yathu ya makhanda ali ndi maola 14 chibadwire pomuganizira kuti ali ndi sepisisi, matenda obwera tizilombo tikalowa m'magazi. Mwanayu anachira, ndipo mankhwala amene analandira ndi odziwika kwa aliyense wogwira ntchito ndi makhanda. Ndalemba nkhani yake chifukwa mawu oti "kamodzi patsiku", akadatsatidwa monga momwe amatsatidwira pa wodi yotanganidwa, akadamupatsa jentamaisini, mankhwala opha tizilombo, kanayi m'masiku atatu, pomwe impso zake zinkatha kuchotsa milingo iwiri yokha.

Mbiri ya mayi ndi kubadwa kwa mwana

Mayi anali ndi pakati poyamba. Nsupa inasweka maola 26 mwana asanabadwe, matenda anatenga nthawi yaitali, ndipo mayi anayamba kutentha thupi asanachire. Mwana anabadwa Lolemba nthawi ya 12:00 masana pa chipatala chaching'ono. Sanalire pobadwa, ndipo azamba anamupopera mpweya kwa mphindi zinayi asanayambe kupuma yekha. Mapointi ake a Apugaa anali 4 pa mphindi yoyamba ndi 6 pa mphindi yachisanu. Pofika madzulo anali atakana bere, akupuma mofulumira komanso akubuula, choncho anamutumiza kwa ife pamodzi ndi mayi ake.

Anafika Lachiwiri nthawi ya 02:00 usiku. Kutentha kwa thupi kunali 38.1, ankapuma ka 72 pa mphindi, nthiti zinkalowa m'kati popuma, ndipo okosijeni m'magazi anali pa 88 peresenti asanaikidwe pa mpweya. Anali wofooka, wosayamwa chala, koma sanakomokepo ndipo liwombo linali labwinobwino. Magazi ankabwerera pachifuwa patatha masekondi atatu tikadinapo. Tinamuika pa okosijeni, tinaika kanyula, tinatenga magazi okamereza tizilombo ndi oyeza kiriyatinini, amene amakwera m'magazi impso zikafooka, tinamupatsa madzi a mchere 10 mL/kg kamodzi, kenako diripi ya shuga ya 10 peresenti pa 60 mL/kg patsiku. Panalibe wokayika kuti mwanayu akufunika ampisilini ndi jentamaisini, ndipo lamulo limene tonse timaliloweza ndi lakuti mankhwala ayambe ola limodzi lisanathe chiganizo chikapangidwa.

Mlingo woyamba unali utaperekedwa kale

Kalata yotumizira mwana inangonena kuti wapatsidwa mankhwala opha tizilombo, osatchula dzina, mlingo kapena nthawi. Namwino wa usiku anali atasungunula kale ampisilini ndipo ankafuna kukoka jentamaisini pamene anaona timabala tiwiri ta jakisoni, kamodzi pa ntchafu iliyonse. Anafunsa mayi kuti, "Mayi, mwanayu amubaya kangati musananyamuke, nanga inali nthawi yanji?" Mayi anayankha kuti anamubaya kawiri motsatizana galimoto itatsala pang'ono kufika. Tinaimba foni ku chipatala chimene anachokera, ndipo mzamba anawerenga m'buku lake kuti mwana analandira ampisilini 160 mg ndi jentamaisini 16 mg mu mnofu nthawi ya 22:00 Lolemba. Milingo yonse iwiri inali yolondola. Malangizo a Bungwe Loona za Umoyo Padziko Lonse amati m'sabata yoyamba mwana wolemera bwino alandire jentamaisini 5 mg/kg kamodzi patsiku, wochepera 2.5 kg alandire 3 mg/kg, ndipo kuyambira sabata yachiwiri mpaka yachinayi mlingo umakwera kufika 7.5 mg/kg. Kwa mwana wa 3.2 kg, 5 mg/kg ndi 16 mg.

Sitinamupatsenso jentamaisini usiku umenewo. Pa pepala la mankhwala tinalemba mlingo wa 22:00 Lolemba ngati mlingo woyamba, ndi dzina la chipatala chimene unaperekedwa, ndipo tinadula mzere m'mabokosi onse mpaka 22:00 Lachiwiri. Kudula mzereko kunali kofunika chifukwa pa wodi zambiri mankhwala a kamodzi patsiku amaperekedwa onse nthawi imodzi m'mawa, kwa ife 06:00, ndipo namwino wolowa m'mawa akaona bokosi lopanda kanthu amaliona ngati mlingo woiwalika. Ampisilini wotsatira tinamuika pa 10:00, maola 12 kuchokera pa woyamba.

Kuti zimene tinachita pambuyo pake zimveke, ndi bwino kukumbutsana chifukwa chake mankhwalawa amaperekedwa mwa njira imeneyi. Jentamaisini amapha tizilombo molingana ndi kukwera kwake m'magazi: akafika pachimake chokwera, kasanu ndi katatu kapena kakhumi kuposa mlingo wochepetsetsa woletsa kachilomboko kuswana, amapha mwachangu komanso mochuluka, ndipo ngakhale atatsika, tizilombo totsala timakhala tofooka kwa maola angapo tisanayambenso kuswana. Kuvulaza kwake kumayendera njira ina. Timachubu ta mu impso timamwa mankhwalawa pa liwiro lokhala ndi malire, choncho chimake chokwera cha kanthawi kochepa sichiwonjezera kwambiri zimene timamwa, koma mankhwala akakhala m'magazi usana ndi usiku osatsika, timachubuti timangomwabe osapuma. Zofanana ndi zimenezi zimachitikanso m'kati mwa khutu, kumene maselo omvera akafa sameranso. Njira yakale ya 2.5 mg/kg pa maola 12 aliwonse inkalephera mbali zonse ziwiri mwa makhanda, pakuti chimake chinkakhala chotsika ndipo mankhwala otsalira ankakhala ochuluka. Khanda lili ndi madzi ambiri m'thupi poyerekeza ndi kulemera kwake, ndipo jentamaisini amafalikira m'madzi amenewo, pafupifupi theka la lita pa kilogalamu, motero limafunika mlingo waukulu kuti chimake chifike. Komanso impso zake zimasefa pang'onopang'ono, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a kasefedwe ka munthu wamkulu ngakhale titaganizira kukula kwa thupi, ndipo kasefedweko kamawirikiza kawiri pofika masabata awiri. Mlingo waukulu ndi mpata wautali zimayendera limodzi, ndipo mpatawo ndi umene umateteza mwana.

Usiku wa Lachiwiri

Kiriyatinini woyamba anatuluka 84 µmol/L, ndipo wa mayi anali 71. Nambala imeneyi sinatiuze kanthu za impso za mwana, chifukwa m'masiku awiri kapena atatu oyambirira kiriyatinini wa khanda amakhala makamaka wa mayi ake, wodutsa pa nsengwa. Phindu lake linali lakuti tinapeza poyambira. Mwa mwana wa masiku okwana amene impso zake zili bwino, kiriyatinini amatsika tsiku ndi tsiku, choncho chimene timayang'ana ndi kumene nambala ikulowera.

Popeza mwanayu anabanika pobadwa, tinayamba kuyeza mkodzo kuchokera m'mawa wa Lachiwiri. Thewera lililonse linkaikidwa pa sikelo lisanavekedwe, kulemera kwake n'kulembedwa pa thewera lomwelo, kenako n'kulipimanso likavulidwa, ndipo galamu imodzi yowonjezereka timaiwerenga ngati mililita imodzi. Matewera okhala ndi chimbudzi chambiri tinkawalemba padera kuti asasokoneze chiwerengero. Kuyambira 08:00 mpaka 20:00 tinapeza 15 mL yokha, imene tikaigawa ndi 3.2 kg ndi maola 12 imapereka pafupifupi 0.4 mL/kg pa ola. Makhanda ambiri amakodza pang'ono tsiku loyamba, ndipo zimenezo pazokha sizidetsa nkhawa, koma mwanayu anali atalowa tsiku lachiwiri, anali pa diripi, chikhodzodzo sichinali chodzaza pochigwira, ndipo zikope zake zinali zitayamba kutupa. Sikelo inasonyeza 3.29 kg pa nthawi imene khanda limayenera kukhala likutsika. Kiriyatinini wa 20:00 anatuluka 138 µmol/L. Kukwera kwa 26.5 µmol/L kapena kupitirira m'maola 48 n'kokwanira kunena kuti impso zavulala, ndipo apa kunali kukwera kwa 54 m'maola 18.

Ndiyenera kunena momveka kuti sitinaganize kuti jentamaisini ndiye anawononga impsozi. Kuvulala kochokera ku mankhwalawa kawirikawiri kumaonekera patatha masiku asanu kapena kupitirira, ndipo nthawi zambiri mkodzo suchepa n'komwe, kiriyatinini yekha ndiye amakwera mwakachetechete. Mwa mwanayu chinayambitsa vuto chinali kubanika, pamene thupi limapatutsa magazi ku impso ndi matumbo kuti lipulumutse ubongo ndi mtima, ndipo sepisisi inawonjezerapo. Koma impso zovulala kale ndi zimene mankhwalawa amazipweteka msanga, ndipo ndi zomwezo zimene zimayenera kuwatulutsa, chifukwa jentamaisini alibe njira ina yochokera m'thupi, amatuluka mu mkodzo osasinthika.

Itakwana 22:00 tinali atatu pambali pa bedi la mwana, ndipo maganizo analinso atatu. Dokotala wachinyamata anati tipereke theka la mlingo, 8 mg, kuti mwana asakhale opanda mankhwala koma impso zipepukidwe. Maganizo amenewa amamveka anzeru ndipo ndimawamva kawirikawiri, koma amataya phindu la mankhwala n'kusunga kuopsa kwake. Theka la mlingo silifikitsa chimake chofunika kupha tizilombo, pomwe limawonjezera pa mankhwala amene sanatuluke, n'kutalikitsa nthawi imene impso ndi makutu zikumwa. Namwino wamkulu anati tipereke mlingo wonse pa nthawi yake, popeza mwana akadali wodwala ndipo zotsatira za mlingo wa mankhwala m'magazi sizituluka usiku. Nayenso anali ndi poimira, chifukwa malangizo a bungwe la NICE la ku Mangalande amanena kuti mlingo usaimitsidwe chabe chifukwa choti zotsatirazo sizinabwere. Koma malangizo omwewo amapatula mwana amene ali ndi umboni woti impso sizikugwira bwino, monga kukwera kwa kiriyatinini kapena kusakodza, ndipo mwana wathu kiriyatinini wake anali atakwera kale. Tiyeneranso kukumbukira kuti malangizo amenewo amayambira pa 5 mg/kg pa maola 36 aliwonse, osati 24, ngakhale kwa mwana amene impso zake sizikukayikitsa.

Chimene tinasankha chinali kuimitsa jentamaisini, kutenga magazi nthawi yomweyo kuti tidziwe mankhwala otsalira patatha maola 24, ndi kuyamba sefotakisimu 50 mg/kg, amene ndi 160 mg, pa maola 12 aliwonse. Kuimitsa kokha popanda cholowa m'malo kukadakhala kuteteza impso n'kusiya mwana m'manja mwa tizilombo, chifukwa ampisilini payekha sangadaliridwe pa tizilombo ta m'matumbo monga E. coli, timene nthawi zambiri sitimumvanso. Seftriyakisoni analipo, koma sitinamusankhe chifukwa mwana anali atayamba chikasu, ndipo mankhwala amenewo amakankha bilirubini pa puloteni imene imamunyamula m'magazi. Panabweranso ganizo lopereka frusemayidi kuti mkodzo utuluke. Tinalikana, chifukwa frusemayidi sachiza impso zovulala, amangochulukitsa mkodzo n'kutisokonezera chizindikiro chimene tinkadalira, komanso akakumana ndi jentamaisini amene akadali m'magazi amawonjezera kuopsa kwa kugontha. Madzi sitinawawonjezere monga zimakhalira tsiku lachiwiri, tinawasiya pa 60 mL/kg, popeza thupi linali likusunga kale madzi.

Magazi oyeza mankhwala otsalira tinawatenga pa dzanja limene kunalibe kanyula. Pa nthawiyi zinalibe kanthu kwenikweni popeza mlingo woyamba unadzera mu mnofu, koma ndi chizolowezi choyenera kusunga, chifukwa magazi otengedwa pa kanyula amene jentamaisini wadutsamo amapereka nambala yokwera yabodza. Pa fomu tinalemba ola limene mlingo unaperekedwa ndi ola limene magazi anatengedwa. Popanda maola awiriwa nambala yochokera ku labotale siwerengeka.

Zimene nambala inasonyeza

Lachitatu m'mawa zotsatira zinabwera: 3.1 mg/L. Cholinga ndi chakuti mankhwala otsalira akhale pansi pa 2 mg/L mlingo wina usanaperekedwe, ndipo pansi pa 1 mg/L ngati mwana apitirira milingo itatu. Tinawerengera mongoyerekeza motere. Mlingo wa 16 mg utafalikira m'malita 1.6 unapereka chimake cha pafupifupi 10 mg/L. Kutsika kuchoka pa 10 kufika pa 3.1 m'maola 24 kukutanthauza kuti mankhwala ankatsika ndi theka pa maola 14 aliwonse, pomwe mwa khanda la masiku okwana lathanzi timayembekezera maola asanu ndi limodzi mpaka asanu ndi atatu, ndipo mwa munthu wamkulu awiri kapena atatu. Pa liwiro limeneli mankhwala akadatsika pansi pa 2 patatha maola 33, ndi kufika pa 1 patatha maola 48. Chiwerengerochi chili ndi malire ake, pakuti chimake sitinachiyeze ndipo impso zinkasintha ola ndi ola, koma chinali chokwanira kutiuza kuti mpata wa maola 24 sunali wa mwana ameneyu.

Tinawerengeranso zimene zikadachitika mwambo wa pa wodi ukadatsatidwa. Mlingo wobwereza wa 02:00 Lachiwiri ukadakwera pamwamba pa 8 mg/L amene anali akadali m'magazi, n'kufikitsa chimake pa 18. Pofika 06:00 Lachitatu otsalira akadakhala oposa 4, ndipo Lachinayi m'mawa akadakhalabe oposa 4, choncho kwa masiku atatu athunthu mankhwala sakadatsikapo kufika pamene impso ndi makutu zimapuma. Mlingo uliwonse mwa inayi ukadakhala wolondola pa kulemera kwa mwana, wosainidwa ndi anthu awiri, ndipo pepala la mankhwala likadaoneka loyera.

Nthawi ya 10:00 Lachitatu a ku labotale anaimba kuti botolo la magazi lamera tizilombo ta mtundu wa Giramu negetivi. Tinachita mwayi kuti tinamera ngakhale magazi anatengedwa mwana atalandira kale mankhwala. Popeza kupuma kunali kutakhazikika, tinatenga madzi a mumsana masana amenewo, ndipo anali oyera, okhala ndi maselo oyera 6, shuga ndi puloteni zili m'malire a khanda, ndipo sanameremo kanthu. Izi zinali zofunika pa kutalika kwa chithandizo komanso pa kusankha mankhwala, chifukwa jentamaisini salowa bwino m'madzi a mu ubongo.

Apa panabuka funso lina: popeza mwana anali pa sefotakisimu, kodi jentamaisini ankafunikanso? Kumusiyiratu kukadapepukitsa impso. Koma tinali tisanadziwe mankhwala amene kachilomboko kamamva, ndipo tizilombo ta mtundu umenewu tosamva sefotakisimu sitisowanso m'mawodi a makhanda. Tinagwirizana kuti ngati impso zayamba kubwerera, mwana alandire mlingo wachiwiri wathunthu kuti atetezedwe mbali ziwiri mpaka zotsatira zituluke. Tinatenga magazi 16:00 kuti mayankho afike 22:00 isanakwane. Mankhwala otsalira anali 1.2 mg/L patatha maola 42, pafupi kwambiri ndi 1.3 amene tinayerekeza. Kiriyatinini anali 131, wokwerabe koma wasiya kukwera, ndipo m'maola 12 apitawo mkodzo unali 46 mL, imene ndi 1.2 mL/kg pa ola.

Mlingo wachiwiri unaperekedwa 22:00 Lachitatu, maola 48 kuchokera pa woyamba. Tinawerengera pa kulemera kobadwa nako, 3.2 kg, osati pa 3.29 kg, chifukwa chowonjezerekacho chinali madzi. Botolo limene linalipo linali la 80 mg mu 2 mL, la 40 mg/mL, limene likadafuna kukoka 0.4 mL, ndipo pa mlingo waung'ono chonchi kulakwitsa ndi 0.1 mL yokha ndi kusintha mlingo ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Namwino anasungunula botolo lonse ndi madzi a jakisoni kufika 8 mL kuti likhale 10 mg/mL, anakoka 1.6 mL, ndipo mnzake anaona botolo, chiwerengero ndi sirinji asanasaine. Popeza ampisilini nayenso anali wa 22:00, anaperekedwa mu sirinji yake, kanyula anatsukidwa ndi madzi a mchere, kenako jentamaisini anaperekedwa pang'onopang'ono. Mankhwala awiriwa amathandizana m'thupi, koma akasakanizidwa mu sirinji imodzi ampisilini amafooketsa mnzake asanafike n'komwe m'magazi. Pa pepala tinalemba kuti mlingo wachitatu usaperekedwe 10:00 Lachisanu isanakwane, ndiponso pokhapokha dokotala ataona mkodzo ndi kiriyatinini wa m'mawa umenewo.

Mlingo wachitatuwo sunafunike. Lachisanu m'mawa lipoti linasonyeza E. coli wosamva ampisilini koma womva sefotakisimu ndi jentamaisini. Tinasiya ampisilini ndi jentamaisini, ndipo sefotakisimu anapitirira mpaka kukwana masiku 10. Kiriyatinini anali 92 Lachisanu ndi 48 Lachiwiri lotsatira. Mwana anachoka pa okosijeni tsiku lachinayi, anayamba kulandira mkaka wa mayi ake pa chubu, ndipo pofika tsiku lachisanu ndi chimodzi ankayamwa yekha. Chikasu chinafunika magetsi kwa masiku awiri.

Tisanamutulutse tinafunsa mayi ngati kuchimake kuli wina amene anagontha atabayidwa jakisoni, chifukwa pali kusintha kwa chibadwa kotchedwa m.1555A>G, kodzera kwa mayi, kumene kumachititsa kuti ngakhale mlingo umodzi wolondola ugonthetse munthu. Mayi sanadziwe wina aliyense wotero. Makutu onse awiri a mwana anapambana poyezedwa ndi makina. Tinawafotokozera mayi kuti kuyeza kamodzi sikutseka nkhani, popeza kubanika, sepisisi, chikasu ndi mankhwalawa zonse zimakhudza kumva, ndipo tinawapempha kuti aziona ngati mwana akudzidzimuka ndi phokoso ndiponso, akamakula, ngati akutembenukira kumene mawu akuchokera. Pa masabata 6 anali wolemera 4.6 kg, ndipo pa miyezi 6 ankatembenukira mawu mbali zonse ziwiri ndipo kuyezanso makutu sikunapeze vuto.

Kumene mlingo wa m'magazi suyezedwa

Anzathu ambiri amagwira ntchito kumene jentamaisini wa m'magazi sayezedwa, ndipo ena ngakhale kiriyatinini samupeza tsiku lomwelo. Chimene ndikufuna aone m'nkhaniyi n'chakuti chiganizo chachikulu, cha 22:00 Lachiwiri, chinapangidwa nambala ya 3.1 isanadziwike. Chinatsamira pa mbiri ya kubanika, pa matewera opimidwa, pa zikope zotupa ndi pa sikelo imene inkakwera m'malo motsika, ndipo zonsezi zimapezeka paliponse pali sikelo ndi cholembera. Labotale inangotsimikizira ndi kutiuza nthawi yoyambiranso. Ikadakhala kuti palibe, ndikadadikira kuti mkodzo upitirire 1 mL/kg pa ola kwa maola 12 otsatizana ndi kuti kulemera kuyambe kutsika, ndipo sindikadapereka mlingo wachiwiri maola 36 mpaka 48 asanakwane. Mkodzo ukadapanda kubwerera, ndikadamusiyiratu jentamaisini n'kudalira mankhwala ena.

Mlingo woyamba ndi nkhani ina, ndipo pano ndimatsutsana ndi amene amaopa mankhwalawa mopitirira. Mzamba amene anabaya 16 mg asanatumize mwana anachita bwino, ngakhale mwanayo anali wobanika. Mlingo woyamba sudalira impso, chifukwa chimake chake chimatengera kulemera ndi madzi a m'thupi, ndipo kuuchedwetsa podikira kiriyatinini, amene pa tsiku loyamba ndi wa mayi, ndi kutaya maola pachabe. Impso zimalamulira mlingo wachiwiri ndi yotsatira. Chimene chinasowa m'kalata ija chinali dzina la mankhwala, mlingo ndi ola, ndipo kuchokera pa mwana ameneyu sitiperekanso jentamaisini kwa khanda lochokera kwina tisanafunse mayi, tisanayang'ane ntchafu ndi kuimba foni ngati kalata sinena. Kufunsako kumatenga mphindi zochepa, ndipo mankhwala enawo amatha kuyamba tikufunsa.

Matewera nawonso ali ndi malire. Mwana amene wakhala pa jentamaisini masiku asanu kapena kupitirira akhoza kukhala akukodza bwino impso zake zikuvulala, choncho kwa iye mkodzo wochuluka si chitsimikizo, ndipo kiriyatinini amafunika ndithu. N'chifukwa chake mwana amene magazi ake sanamere kanthu patatha maola 36 mpaka 48, amene akuyamwa ndi kupuma bwino ndipo kukayikira kunali kochepa kuyambira pachiyambi, ayenera kuganiziridwa zomusiyitsa mankhwala m'malo mongomalizitsa masiku asanu ndi awiri mwachizolowezi. Ana obadwa masiku osakwana amafuna kusamala koposa, chifukwa impso zimamaliza kupanga tosefera take pa masabata 34 mpaka 36, ndipo wobadwa nthawiyo isanakwane amachedwa kwambiri kutulutsa mankhwalawa ngakhale asanabanike. Chimodzimodzi mwana amene akulandira aibupulofeni kapena indometasini potseka mtsempha wa pamtima, chifukwa mankhwala amenewo amachepetsa magazi opita ku impso, ndiponso amene ali pa vankomaisini.

Mlingo ukachedwa, mwachitsanzo kanyula atatuluka ndipo wa 22:00 waperekedwa 03:00, wotsatira amawerengedwa kuchokera pa 03:00, ndipo pepala liyenera kulembedwanso nthawi yomweyo. Kubwerera ku 22:00 kumafupikitsa mpata kukhala maola 19. Ngati wodi ikufuna kuti nthawi ya mwana igwirizane ndi nthawi imene mankhwala ena amaperekedwa, kusunthako kukhale kochedwetsa ndi maola ochepa osati kofulumizitsa, ndipo kuchitike mwana atayamba kupeza bwino. Pa pepala lathu tsopano bokosi lililonse la jentamaisini lili ndi malo atatu oyenera kudzazidwa sirinji isanakokedwe: ola la mlingo wapitawo, maola amene adutsa, ndi mkodzo wa maola 12 omalizira. Mkodzowo ukakhala pansi pa 1 mL/kg pa ola mwa mwana woposa tsiku limodzi, namwino saupereka mlingowo mpaka dokotala atamuona mwanayo.